Mayankho onse ndi abwino, nanga malikisi akutayika pati?

Madokotala ambiri ochokera kwathu kuno akalephera pepala la Professional Dilemmas amadandaula mofanana. Amati mayeso ake ndi a mwayi, mayankho onse anali abwino, palibe chimene munthu angawerenge. Mawu amenewa atopetsa. N'zoona kuti mayankho ambiri amakhala abwino, ndipo olemba mafunso amachita zimenezo dala. Koma za mwayizo ayi. Funso silifuna kudziwa ngati muli ndi mtima wabwino kapena ngati mankhwala mumawadziwa. Likufuna kudziwa chimene munthu wa udindo umene mwapatsidwa m'funsomo ayenera kuchita, pa ola limenelo, m'chipatala cha ku Britain.

Pepalali ndi gawo la MSRA, mayeso a pakompyuta amene dokotala amalemba pofuna malo ophunzirira ukatswiri ku Britain, monga udokotala wa mabanja kapena wa matenda a maganizo. Lili ndi mafunso 50 m'mphindi 95, kutanthauza kuti funso lililonse silikwana mphindi ziwiri. Ena amakupatsani zochita zinayi kapena zisanu kuti muzindandalike kuyambira yoyenera kwambiri. Ena amakupatsani zisanu ndi zitatu kuti musankhepo zitatu. Malangizo amanena poyera kuti muyankhe ngati F2, dokotala amene ali m'chaka chachiwiri cha ntchito chimalizireni sukulu. Chiganizo chimenechi anthu amachiwerenga kamodzi n'kuchiiwala, kenako n'kuyankha mafunso 50 ngati munthu amene wayendetsa chipatala cha boma zaka zisanu ndi chimodzi.

Tiyeni titenge funso lofanana ndi amene amabwera. Ndinu F2 pa wodi ya akuluakulu, madzulo. Namwino akukuuzani kuti wodwala amene fayilo yake imati thupi lake limadana ndi penisilini wabayidwa ko-amokisikilavu mphindi 20 zapitazo. Analemba mankhwalawo ndi rejisitira, dokotala wamkulu kwa inu wophunzira ukatswiri, amene tsopano ali ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi. Namwino akuti wodwalayo akuoneka bwinobwino. Zochita ndi zisanu izi: kukamuona wodwalayo, kumuyeza ndi kuimitsa mankhwalawo; kumuimbira rejisitira; kumufotokozera wodwalayo zimene zachitika ndi kupepesa; kulemba lipoti la vutoli pakompyuta ya chipatala; kumuuza namwino kuti azimuyang'anira, inu mudzauze konsotanti, dokotala wamkulu wa pa wodiyo, mawa poyendera odwala.

Zinayi zoyambazo ndi zoyenera, ndipo pa wodi yeniyeni mungachite zonse. Apa mpamene anthu amasokonezeka, amayamba kuzindandalika ngati nkhani, kuti choyamba ndichite ichi kenako ichi. Pa mafunso ondandalika, chochita chilichonse chimayesedwa pachokha. Dzifunseni kuti: ndikanaloledwa kuchita chimodzi chokha, ndi chiti chikanathetsa vuto lalikulu? Vuto lalikulu pano ndi lakuti ko-amokisikilavu ali m'gulu la penisilini, munthu angatupe kukhosi kapena magazi ake kusiya kuthamanga bwino, ndipo jekeseni wina akubwera ngati palibe womuimitsa. Choncho kukamuona ndi kuimitsa mankhwala kuli pamwamba. Ndi ntchito imene F2 angathe ndipo ndi yake, safunika chilolezo cha aliyense. Kudikira mawa kuli pansi, chifukwa kukusiya ngozi m'manja mwa munthu amene wabwera kwa inu kudzafuna thandizo. Lipoti lili pachinayi. N'lofunika, limateteza odwala a mawa, koma wa lero silimuthandiza kanthu.

Mkangano weniweni uli pakati pa kupepesa ndi kuimbira rejisitira. Ine ndingaike rejisitira pachiwiri, chifukwa wodwala akufunikabe mankhwala ena olowa m'malo, ndipo amene analakwitsa ayenera kudziwa asanabwereze kwa wina usiku womwewo. Wina anganene kuti kuuza wodwala zoona ndi udindo umene GMC, bungwe loyang'anira madokotala ku Britain, imauika patsogolo kwambiri, ndipo sakunama. Koma taonani mtengo wake. Pa mayeso a mtundu womwewu amene ophunzira udokotala a ku Britain ankalemba kufikira 2023, kagawidwe ka malikisi kanalengezedwa: funso londandalika zisanu linali la malikisi 20, anayi pa chochita chilichonse, ndipo limodzi linkachoka pa sitepe iliyonse imene mwaphonya. Kusinthanitsa yachiwiri ndi yachitatu kunkakusiyani ndi 18. Kusinthanitsa yoyamba ndi yomaliza kunkakudyerani 8. Ndiye munthu amene amatha mphindi zinayi akulimbana ndi zapakati akugula malikisi awiri ndi nthawi ya mafunso awiri athunthu. Pezani yapamwamba, pezani yapansi, zapakatizo ikani mwanzeru, pitani.

Funso limene limandivutitsabe ndi lina. Ndinu F2 usiku. Rejisitira wotanganidwa akukuuzani pafoni kuti muike paipi pachifuwa cha wodwala amene madzi adzadza m'mbali mwa phapo. Wodwalayo akupuma movutikira pang'ono koma sali pangozi. Funso likuti munaonererapo ntchitoyi koma simunaichitepo nokha. Dokotala amene waika mapaipi otere osawerengeka ku chipatala cha boma, kumene ngakhale opaleshoni yochira amachita ndi makiliniko ofesala, amawerenga chiganizo chimenecho osachimva. M'mutu mwake ntchitoyi ndi yaing'ono, wodwala akuvutika, mkulu walamula. Amaika "kuchita" pamwamba. Ndipo luso ali nalodi, si wonama. Koma luso lake silili m'funsomo. Muli F2 amene sanachitepo, m'dziko limene malangizo a akatswiri a zachifuwa amati pochotsa madzi otere pakhale sikani yolondolera, ndiponso ntchitoyi isachitike usiku pokhapokha zitathina. Yankho loyenera ndi kumuuza rejisitira mosabisa kuti simunachitepo nokha, kumupempha abwere adzachite kapena adzakuyang'anireni, inu n'kumapitiriza kumuona wodwalayo ndi kumupatsa okosijeni ngati akufunika. Kukana n'kudula foni kuli m'munsi, chifukwa wodwala watsala opanda dongosolo. Kuchita nokha kuli pansi penipeni.

Chimene chimapweteka n'chakuti khalidwe limene limapulumutsa anthu kumene dokotala ali yekha, lija losadikira munthu amene sabwera, ndi lomwe likumudyera malikisi. Mayesowa sakunena kuti khalidwelo ndi loipa. Akuyesa ngati mungazindikire kuti m'chipatala cha m'funsomo wamkulu alipo, foni ikugwira, ndipo Good Medical Practice, buku la GMC la khalidwe la madokotala, limati muzigwira ntchito osapyola malire a luso lanu.

Ena akamva zimenezi amagwera mbali inayo, chilichonse kwa konsotanti. Nakonso n'kulakwa. Mnzanu wa F2 wachedwa katatu sabata ino pa nthawi yolandirana odwala? Lankhulani naye pambali kaye, mwina ali ndi vuto kunyumba. Kuthamangira kwa konsotanti musanamufunse mwini wake kumatsika pamndandanda, ndipo kuimbira GMC pa nkhani yotere n'kupha nyerere ndi nkhwangwa. Koma mnzanu yemweyo akabwera akununkha mowa ali ndi odwala m'manja, nkhani yasintha: achoke pa odwala tsopano lino, ndipo wamkulu adziwe lero lomwe, ngakhale atakuchondererani. Chimene chasintha si kukula kwa tchimo lake. N'chakuti wodwala angavulale ola lino. Ulemu wathu wa kwa akuluakulu nawonso umatipusitsa pano. Ngati wolakwitsa mlingo wa mankhwala ndi konsotanti, F2 amayembekezeka kumuuza, mwaulemu, pambali, mankhwalawo asanaperekedwe. Kukhala chete chifukwa ndi bwana, kapena kukonza mwakachetechete osamuuza, zonse zimatsika.

Pa mafunso osankha zitatu kaganizidwe kamatembenuka, ndipo ambiri sazindikira. Apa zitatuzo zimayesedwa pamodzi, ziyenera kuthetsa vuto lonse. Ngati ziwiri mwa zimene mwasankha zikuchita ntchito imodzi, monga kuuza rejisitira ndi kuuza konsotanti, mwina mwataya mpata umodzi. Nthawi zambiri nkhani imakhala ndi mbali zingapo: chitetezo cha wodwala panopa, munthu amene ayenera kudziwa, ndi chimene chingaletse kuti zichitikenso. Onani ngati zitatu zanu zakhudza mbali zimenezo. Ndipo musasiye funso osayankha, yankho lolakwa silichotsetsa malikisi.

Musawonjezere nkhani. Funso likapanda kunena kuti rejisitira sakuyankha foni, ndiye kuti ayankha. Likanena kuti wodwala sali pangozi, musamudwalitse m'mutu mwanu kuti yankho limene mukulikonda lioneke bwino. Mawu aang'ono ngati "mawa", "nthawi yomweyo", "pamaso pa odwala", "namwino akauze" amaikidwa dala, ndipo ndi amene amasiyanitsa mayankho awiri ooneka ofanana.

Tsopano za ogulitsa mafunso. M'magulu a WhatsApp ndi Telegram mumayenda mafayilo amene amati ndi mafunso enieni okumbukiridwa ndi amene analemba kale, mayankho ake ali pomwepo. Mayankhowo sanachokere kwa olemba mayeso. Ndi maganizo a munthu amene mwina nayenso analephera funso lomwelo, ndipo funso lokumbukiridwa limakhala litataya mawu aang'ono aja amene yankho limadalira. Mumaloweza kuti "kuuza konsotanti" ndi yachiwiri, tsiku la mayeso funso likuti konsotanti ali kutchuthi, inu osaona. Komanso wolemba mayesowa amavomera kusaulula mafunso, ndipo kugwidwa mukugawa kapena kugwiritsa ntchito zoterezi ndi nkhani ya kusakhulupirika imene ingafike ku GMC ndi kukhudza chiphaso chanu. Nawonso ophunzitsa amene amalonjeza lamulo limodzi lotsegula mafunso onse, monga "nthawi zonse uzani wamkulu", akukugulitsani chinthu chimene funso la mnzanu wochedwa lija lichigwetsa pomwepo.

Kuchedwa nako. Anthu amatha miyezi itatu pa pepala lina la MSRA, la matenda ndi mankhwala, ili n'kulisiyira masiku atatu omaliza poti ndi la nzeru wamba. Koma pa maukatswiri monga udokotala wa mabanja pepalali lili ndi mlingo wake wokhozera, ndipo kugwa pansi pake kumakutulutsani ngakhale mutakhoza linalo bwino. Kaganizidwe ka udindo wina sikalowa m'masiku atatu. Yambani ndi Good Medical Practice, ya tsopano imene inayamba kugwira ntchito pa 30 Januwale 2024, chifukwa zolemba zambiri zoyendayenda zinachokera pa yakale. Kenako tengani mafunso oyeserera amene oyendetsa mayesowa amapereka, muwayankhe ndi wotchi, ndipo nthawi yambiri muithere pa zifukwa za mayankho, osati pa kuwerengera malikisi. Paliponse pamene mwasiyana nawo, lembani chiganizo chimodzi: kodi ndinachita zoposa udindo wa F2, ndinathamangira kumwamba msanga, ndinachedwetsa chinthu chofunika lero, kapena ndinawonjezera nkhani? Mukamaliza mafunso 30 mudzaona kuti chimodzi mwa zinayizi chikubwerabwera, ndipo chimenecho ndicho choyenera kuyeserera masabata otsalawo. Mapepala akale a mayeso a ophunzira aja ndi othandizanso, bola mukumbukire kuti m'menemo munthu amayankha ngati F1, wa chaka choyamba, amene malire ake ndi ocheperapo.