Ndalama yalowa pa foni, koma ndi ya oda iti?

Amene amagulitsa malonda pa WhatsApp ndi pa Facebook muno mu Lilongwe amaopa kwambiri mbava zotumiza mauthenga abodza, ndipo mantha amenewo ndi oyenera. Koma ndikamaunika mabuku a ochita malonda ang'onoang'ono, ndimapeza kuti ndalama zambiri zimatayikira pena: ndalama yeniyeni yalowa kamodzi, katundu n'kutuluka kawiri.

Tiyerekeze mayi wogulitsa zitenje ku Area 25. Ndi Lachisanu la kumapeto kwa mwezi, ndipo ali ndi maoda awiri a K18,000 iliyonse, ina yopita ku Kawale, ina ku Area 47. Pa Airtel Money palowa K18,000 imodzi yokha, dzina lotumiza n'la bambo amene iwo sakumudziwa. Makasitomala onse awiri akuti atumiza. Wa ku Area 47 watumizanso chithunzi cha uthenga wa malipiro, ndipo wa kabaza akudikira panja.

Chithunzicho musachiyese umboni. Munthu angathe kusintha tsiku kapena kuchuluka kwa ndalama pa chithunzi chakale, ndipo ngakhale chikhale chenicheni, mwina iye analakwitsa nambala, ndalama n'kupita kwa munthu wina. Uthenga wofika pa foni yanu nawonso uyang'aneni kumene wachokera. Ukachokera pa nambala wamba ya munthu m'malo mwa dzina la kampani, ndi wabodza basi. Umboni wokhawo wodalirika ndi balansi yanu. Imbani `*211#` pa Airtel Money kapena `*444#` pa TNM Mpamba, muone ngati ndalama zachulukadi.

Mayi aja aona, ndipo balansi yakwera ndi K18,000, osati K36,000. Ndiye walipira ndi mmodzi. Kuti adziwe kuti ndi uti, asayambe n'komwe kutchula dzina limene laoneka pa uthenga, chifukwa wabodza angovomera kuti "eya, amenewo ndi amuna anga." Afunse kasitomala aliyense payekha nambala ya foni imene watumizira, nthawi yake, ndi nambala ya malipiro, ija imalembedwa kuti ID pa uthenga. Malipiro aliwonse ali ndi ID yakeyake, ndipo siibwerezedwa. Wa ku Kawale wayankha kuti anagwiritsa ntchito foni ya achimwene ake, watchula dzina lawo, ndipo ID yake yafanana ndi ya pa foni ya mayiwo. Ya pa chithunzi cha wa ku Area 47 palibe paliponse. Chitenje chake chidikire kaye. Palibenso chifukwa chomunenera kuti ndi wakuba, kungomuuza kuti, "Pepani mayi, kuno sizinafike, taonaninso nambala imene mwatumizako."

Kuti zimenezi zisamachitike Lachisanu lililonse, oda iliyonse muziipatsa nambala musanatchule kolipirira. Kabuku ka sukulu n'kokwanira. Mzere umodzi ukhale wa oda imodzi: nambala yake, dzina la wogula, katundu, mtengo, kenako dzina limene laoneka pa uthenga ndi ID. Katundu asatuluke pakhomo mpaka ID italembedwa pa mzere wake, ndipo ID imodzi isaoneke pa mizere iwiri. Lamulo lachiwirili ndi limene limagwira munthu wobweretsa uthenga wa sabata yatha ngati watsopano. Wina akalipira theka, lembani ID ya thekalo ndi zotsala pa mzere womwewo.

Njira ina imene ine ndimaikonda ndi yobisa nambala ya oda mu mtengo. Oda 41 ilipire K18,041, oda 42 ilipire K18,042. Ndalama ikangolowa, mwadziwa kale mwini wake, ngakhale dzina likhale lachilendo. Vuto lake n'loti wotumiza kudzera kwa ejenti nthawi zambiri amapereka ndalama yathunthu yopanda makwacha apamwambawo, ndipo pa uthenga pamaoneka dzina la ejentiyo. Wotereyo muzimuuza akupatseni ID asanachoke pa kauntala. Mugwirizanenso msanga ngati mtengowo ukuphatikiza yotapira ndi ya kabaza, apo ayi K19,500 idzalowa inu n'kumasaka oda ya K19,500 imene kulibe.

Akakuimbirani kuti "ndalakwitsa nambala, inali ya kuchipatala, bwezani msanga," onani balansi kaye. Ngati sinasinthe, palibe chobweza. Ngati ndalamayo yalowadi, musaitumize nokha, makamaka ku nambala ina imene akutchula. Auzeni akadandaule ku kampani ya foni kuti iibweze mwa njira yake, chifukwa mukatumiza nokha iwo n'kukadandaulanso, mutha kuluza kawiri. Nambala yanu yachinsinsi musauze aliyense, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku ofesi ya kampaniyo.

Madzulo aliwonse werengani kabuku kaja molingana ndi foni: balansi ya m'mawa, kuwonjezera zonse zokhala ndi ID, kuchotsa zimene mwatapa, mwatumiza ndi zimene kampani yadula. Zikasiyana, fufuzani tsiku lomwelo mauthenga asanakwiririke. Kuwerengaku kumavuta ngati nambala ya malonda ndi yomweyo imene mumagulira magetsi ndi kutumizira ndalama kumudzi, choncho patulani nambala ina ya malonda okha, kapena funsani ku kampani za akaunti ya amalonda.