Kusandutsa notsi za ku TTC kukhala fomu ya chikonzekero

Mphunzitsi wa ku TTC, koleji yophunzitsa aphunzitsi, akamafotokoza za chikonzekero cha phunziro amasakaniza zinthu zitatu: zimene ziyenera kulembedwa, kalembedwe kake, ndi zifukwa zake. Wophunzira amakopa zonse, masamba asanu kapena kuposa, koma akafika pasukulu yoyeserera kuphunzitsa amasowa poyambira. Mankhwala ake ndi fomu ya tsamba limodzi.

Ine ndimawerenga notsizo ndi pensulo m'manja. Chilichonse chimene chimasintha phunziro likasintha chimakhala bokosi lopanda kanthu: tsiku, sitandade, phunziro, nthawi, mutu, zizindikiro za kakhonzedwe, zipangizo, ndi ndamanga kumapeto. Malangizo a kalembedwe ndimawafupikitsa kukhala kafunso pansi pa bokosi. Ndime yonse yonena za zizindikiro za kakhonzedwe imatsala mzere umodzi: "Ana achita chiyani chimene ndingachione kapena kuchimva?" Zifukwa zija zimatsala m'kope. N'zofunika pamayeso, koma pafomu zimangodya malo olembapo.

Pakati pa tsamba ndimajambula mizere itatu yotsika: mphindi, zochita mphunzitsi, zochita ophunzira. Mopingasa mumabwera chiyambi, masitepe ndi mathero.

Fomu yopanda chitsanzo aliyense amaidzaza mmene waimvera, n'chifukwa chake ndimaikapo china chodzazadzaza. Tinene masamu, Sitandade 2, mphindi 30, kuchotsera manambala osapitirira 20. Chizindikiro cha kakhonzedwe: ophunzira achotsera nambala pa inzake pogwiritsa ntchito zitsekerero za mabotolo, nalemba yankho. Mawu akuti "adziwa" kapena "amvetsa" sindiwalola, pakuti kumvetsa sikuoneka ndi maso. Pa zipangizo sindilemba "zowerengera" chabe, ndimalemba zitsekerero 20 pa gulu lililonse, kuti mphunzitsi wa ana 90 adziwiretu kuti magulu 9 a ana khumikhumi afuna zitsekerero 180.

Chiyambi chimatenga mphindi 5, ana akuwerenga kuyambira 20 kubwerera m'mbuyo. Kwa mphindi 7 mphunzitsi aika zitsekerero 15, achotsapo 4, ana awerenga 11 zotsala. Magulu achita okha 18 kuchotsa 6 ndi 13 kuchotsa 5 kwa mphindi 8, kenaka aliyense alemba masamu atatu m'kope kwa mphindi 6. Mathero, mphindi 4: ana awiri asonyeza pabolodi mmene apezera yankho. Wonkhetsani mphindizo musanasindikize. Ndaonapo zitsanzo zokwana mphindi 45 pa phunziro la mphindi 30.

Mzere wa zochita ophunzira ndiwo umaulula vuto. Ukangodzaza ndi "kumvetsera, kumvetsera", ndiye kuti mphunzitsi alankhula yekha phunziro lonse. Bokosi la ndamanga nalo ndimalidzaza ngati kuti phunziro laphunzitsidwa kale, chifukwa likasiyidwa ambiri amangolemba "phunziro linayenda bwino". M'chitsanzo changa muli mawu awa: "Magulu atatu anawerenganso zitsekerero zochotsedwa n'kupeza 13 m'malo mwa 8. Mawa zochotsedwazo tizizibisa m'thumba."