Maola awiri a maphunziro: mphindi zogwirira ntchito ndi 75 zokha

Munthu akauzidwa kuti atsogolere maphunziro a maola awiri, amakhala pansi n'kulemba mitu yokwanira mphindi 120. Vuto limayambira pomwepo. Pa mphindi 120 zija pali pemphero, malonje, kupuma, kusuntha mipando, ndi mawu otsekera, ndipo zonsezi zimadya nthawi ngakhale musazilembe pa pologalamu. Njira imene ife otsogolera maphunziro timagwiritsa ntchito ndi yopatsa mutu uliwonse malire a nthawi osasuntha. Nthawi ya mutu ikatha, mutuwo watha, kaya zokamba zatsala kaya ayi. Nthawi sitiionjezera, chimene timachepetsa ndi zokamba.

Tiyeni titenge maphunziro a alembi ndi asungichuma a magulu a banki mkhonde, anthu 20, ophunzira kalembedwe ka ngongole m'kaundula, kuyambira 9 koloko mpaka 11 koloko m'mawa. Musanalembe mutu ngakhale umodzi, chotsani kaye nthawi imene si yanu. Kutsegulira mphindi 10, kutsekera mphindi 10, kupuma mphindi 15, ndi mphindi 10 zapadera zosungira ngozi. Zonse pamodzi ndi 45, ndiye mwatsala ndi 75. Mu mphindi 75 mumalowa mutu umodzi wophunzitsidwa bwino, kapena iwiri yaing'ono. Ngati amene akutumani akufuna kuti muphunzitsenso za chiwongoladzanja, malamulo a gulu ndi kagawidwe ka ndalama kumapeto kwa chaka, auzeni lisanafike tsikulo kuti zimenezo n'za tsiku lina.

Mphindi 75 zija ndingazigawe motere. Kuyambira 9:10 mpaka 9:25 ndifotokoza pa bolodi mmene ngongole imodzi imalembedwera. Pa 9:25 anthu alowa m'magulu anayi a anthu asanuasanu, gulu lililonse lilemba ngongole zitatu zoyeserera mpaka 9:50. Tipuma, n'kubwerera 10:05. Magulu apereka zimene apeza mpaka 10:25, kenako mafunso mpaka 10:40. Mphindi 10 zapadera zija zili pakati pa 10:40 ndi 10:50, ndipo kutsekera kuyamba 10:50 zivute zitani.

Onani kuti ndalemba nthawi ya pawotchi, osati kungoti "mphindi 15". Mukalemba kuchuluka kwa mphindi kokha, mumayenera kuwerengera m'mutu muli chiimire pamaso pa anthu, ndipo mumadzinamiza kuti mwachedwa pang'ono pomwe mwachedwa ndi mphindi 12. Mukalemba 9:25, kungoyang'ana pafoni mwadziwa pomwe muli. Lembani pologalamuyi pa pepala lalikulu n'kulimata pakhoma, kuti mukamadula nkhani anthu aone okha kuti si nkhanza zanu.

Pamene nthawi imathawira kwambiri ndi pamene anthu amalankhula mmodzimmodzi, chifukwa pamenepo pali samu yochulukitsa imene ambiri saichita. Anthu 20 akamadzitchula, aliyense mphindi imodzi yokha, zapita mphindi 20, kuwirikiza kawiri nthawi yonse yotsegulira. Choncho nenani kuti aliyense atchule dzina ndi gulu limene wachokera basi, ndipo yambani ndinu, mwachidule. Woyamba akalankhula za mbiri ya gulu lake, onse otsatira adzatero. Malipoti a magulu nawonso ndi chimodzimodzi: mphindi 20 kwa magulu anayi si mphindi zisanu gulu lililonse, chifukwa mphindi imodzi imathera podzuka, pomata pepala ndi poombera m'manja. Auzeni kuti ali ndi mphindi zinayi.

Nanga mlendo wolemekezeka? A mfumu kapena a bwana ochokera ku ofesi sungawaimitse pakati pa mawu awo, ndipo amene angakulangizeni kutero sanatsogolerepo msonkhano kumudzi. Nkhaniyi imathera panja, musanalowe. Apatukireni pambali n'kuwauza kuti, "Zikomo a mfumu, anthuwa tawalonjeza kuti 11 koloko akhala ataweruka, ndiye tapempha kuti mutitsegulire ndi mawu a mphindi zitatu." Ambiri amavomera akauzidwa chifukwa chake. Ngati mukuwadziwa kuti mawu awo sachepa, apatseni mpata wotsekera, zophunzira zitatha kale.

Otsogolera asakhale wosunga nthawi. Munthu amene akufotokoza amakhala ali m'kati mwa nkhani yake ndipo wotchi amaiiwala. Sankhani wina akhale kumbuyo ndi mapepala atatu olembedwa 5, 1 ndi 0, aziwakweza mwakachetechete. Pepala la 5 ndiye lofunika kuposa enawo, chifukwa limakupatsani mpata wosankha choti musiye. Tinene kuti yakwana 9:20 ndipo mwangofotokoza za tsiku, dzina la wobwereka ndi kuchuluka kwa ngongole, koma mzere wa zobweza ndi wa chindapusa simunaufike. Musathamangitse mawu. Fotokozani za zobweza, chindapusa muchisiye. Mudzachikhudza poyendera magulu. Wodziwa ntchito amasankhiratu kunyumba mfundo imene adzaitaye nthawi ikachepa, n'kuiika kumapeto kwa mutu.

Pamakhalanso funso labwino lobwera pa nthawi yolakwika. Mayi wina afunsa za membala amene wathawa ndi ngongole, ndipo chipinda chonse chadzuka, aliyense ali ndi nkhani yake. Khalani ndi pepala lina pakhoma la nkhani zodikira. "Amayi, funso lanulo n'lalikulu, ndalilemba apa, tilitenga 10:25." Koma ikakwana 10:25 mulitengedi. Mukapanda kutero, anthu amazindikira kuti pepalalo ndi dzala, ndipo ulendo wina sadzalola kudikira.

Za kupuma, ine ndimaumirira. Otsogolera akachedwa, choyamba chimene amadula ndi kupuma, koma anthu amapumabe: amatuluka mmodzimmodzi kupita kuchimbudzi kapena kukayankha foni, ndipo malipoti amaperekedwa ku mipando yopanda anthu. Kupuma kukhale pa nthawi imene munalonjeza, ngakhale magulu asanamalize ngongole yachitatu. Ndapatsa mphindi 15 chifukwa anthu 20 kuima pamzere wa tiyi ndi wa chimbudzi chimodzi sizitheka mu mphindi zisanu. Polengeza musanene kuti "tipume pang'ono". Nenani kuti tiyambanso 10:05, lembani pa bolodi, ndipo wosunga nthawi ayambe kuitana anthu 10:02. Zakumwa zikhale zitayalidwa kale, ndipo kusainira ndalama za mayendedwe kudikire 11 koloko, apo ayi mzere wake umeza kupuma konse ndi theka la malipoti.

Tsono tinene kuti anthu achedwa kufika, mwayamba 9:15 m'malo mwa 9 koloko. Mwataya mphindi 15, ndipo 11 koloko sisuntha chifukwa ena ali ndi ulendo wautali wa panjinga. Mphindi 10 zapadera zija zalipira mbali yaikulu, choncho pologalamu yonse yasunthira kutsogolo: kupuma kuyamba 10:05, malipoti 10:20. Zisanu zotsalazo zichokere pa malipoti. Magulu awiri apereke zonse, mphindi zisanu lililonse kuphatikizapo kusinthana, ndipo awiri enawo angonena pamene asiyana ndi anzawo. Mukatero mafunso ayamba 10:35, ndipo 10:50 mwafika potsekera monga munakonzera. Ntchito ya m'magulu musaikhudze, chifukwa ndi pokhapo pamene mlembi aliyense amagwira cholembera n'kulakwitsa inu mukuona. Mukayamba mochedwa ndi theka la ola, kudula apa ndi apo sikuthandizanso; chotsani chigawo chonse cha malipoti, muone ntchito ya gulu lililonse pamene mukuwayendera, ndipo auzeni anthu poyambirira pomwe kuti pologalamu ya pakhoma yasintha.