Kukana kubweza ndalama za batire lotupa

Mayi wina anagula batire la sola la 100Ah pa shopu yomwe ndimayang'anira gulu loyankha makasitomala. Patatha miyezi 4 anatumiza chithunzi pa WhatsApp: batire latupa m'mbali ngati mkate, ndipo akufuna ndalama zawo poti walanti ndi ya chaka chathunthu. Mmisiri wathu atakaona kunyumbako anapeza mawaya ochokera ku panelo atalowa ku batire osadzera pa kontilola, kachipangizo kamene kamachepetsa moto batire likadzaza. Popanda kameneka batire limangomwa moto dzuwa lonse, n'kutentha mpaka kutupa. Walanti yathu sikhudza zotere.

Mnyamata watsopano pa ntchito analemba kuti, "Pepani kwambiri mayi, malamulo a kampani salola." Ndinamuletsa asanatumize. Mawu amenewo sauza munthu chilichonse, amangomveka ngati tabisala kuseri kwa bwana. Chifukwa chenicheni ndi chimene mwiniwake angathe kuchiona ndi maso ake, kapena kuchitsutsa ngati talakwitsa ndife. Tinalembanso motere:

"Mayi, ndalama za batireli sitibweza. Mmisiri wathu wapeza kuti linalumikizidwa ku panelo popanda kontilola, n'chifukwa chake latupa, ndipo kuseri kwa lisiti lanu kwalembedwa kuti walanti imagwira ntchito ngati pali kontilola. Musaligwiritsenso ntchito, likhoza kuphulika. Mukatibweretsera lakalelo, latsopano tikuchotserani 20 kwacha pa 100 kwacha iliyonse, ndipo mmisiri adzakulumikizirani Lachinayi osalipira. Kontilola mugula nokha. Ngati inalipo, titumizireni chithunzi tiunikenso."

Kukanako kuli m'chiganizo choyamba. Ambiri amayamba ndi mizere isanu yothokoza, munthu n'kumaganiza kuti zatheka, kenaka n'kugwa naye kumapeto. Mkwiyo wake umaposa wa kukanidwa. Onaninso kuti sitinalembe kuti "munalumikiza molakwika". Mwina anawalumikizira ndi mlamu wawo wodziwa zamagetsi pang'ono, ndipo ife sitili pabwalo la milandu.

Kumene magulu ambiri amaterereka ndi pa njira ina yomwe akupereka. Tisanalembe mawu oti Lachinayi, ndinaimbira kaye kosungira katundu kufunsa ngati mabatire a 100Ah alipo, ndinatenga chilolezo cha bwana pa kuchotsa mtengoko, ndiponso ndinaona m'buku la mmisiri kuti tsikulo alibe ulendo wina. Kulonjeza chinthu chomwe palibe ndi kukana kawiri. Chizindikiro cha njira yabodza n'chosavuta kuchidziwa: ilibe tsiku, ilibe mtengo, imangoti "tiona chomwe tingachite".

Mayiwo anayankha kuti sakukhutira ndipo akadandaula kwina. Tinawauza kuti umenewo ndi ufulu wawo, kuti bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, ndipo tinawatumizira lipoti la mmisiri kuti alitenge popita kumeneko. Mtengo wotsitsidwa uja tinawasungira mpaka kumapeto kwa mwezi.