Jambulani mzati wonse, osati mawu okha

Pa ntchito yanga yomasulira Chijeremani ndimalandira zithunzi zambiri za zikwangwani, ndipo zochuluka zimabwera zodulidwa mutu. Munthu amayandikitsa foni pa mawu amene amuzunguza, zina zonse n'kutsala kunja.

Tsiku lina mayi wina amene ankayendetsa galimoto yahayala ku Jeremani ananditumizira kachikwangwani koyera ka mawu awiri: "Anlieger frei". Anali atafufuza kale mu dikishonale n'kupeza kuti "frei" ndi chinthu chaulere kapena chosaletsedwa, ndiye ankangofuna ndiwatsimikizire kuti msewuwo ngwa aliyense. Ndinawapempha kuti afutuke pang'ono ajambulenso. Chithunzi chachiwiri chinaonetsa chikwangwani china pamwamba pake: chozungulira, choyera pakati, mkombero wake wofiira. Chimenecho chimaletsa galimoto kulowa.

Kachikwangwani ka m'munsi sikaima pakokha. Ntchito yake ndi kutchula anthu amene lamulo la pamwambalo silikuwakhudza. Choncho "frei" pamenepa akutanthauza "kupatulapo", ndipo "Anlieger" ndi anthu okhala mumsewuwo pamodzi ndi amene ali ndi chochita kumeneko, monga alendo awo kapena wodzatula katundu. Mayiwa ankangofuna kudulira njira. Ndikanamasulira chithunzi choyamba chija, ndikanawanamiza ngakhale kuti liwu lililonse ndikanalimasulira molondola.

N'chifukwa chake ndisanayankhe ndimafunsa kumene chikwangwanicho chili, chimene chili pamwamba ndi pansi pake, komanso ngati pali muvi. Kenako ndimayamba ndi chimene munthuyo ayenera kuchita: "Musalowe, mayi." Za tanthauzo la liwu lililonse zimabwera pambuyo, chifukwa munthu amene waima pamphambano injini ikulira alibe nthawi ya phunziro la galamala.

Pena chithunzi chimakhala chathunthu koma msampha uli m'liwu lenilenilo. Pa malo oimika galimoto mungaone "werktags 8–18 h". Dikishonale ikuuzani kuti "werktags" ndi masiku a ntchito, inu n'kuganiza kuti Loweruka mwapulumuka. Ayi ndithu. Pa zikwangwani za pamsewu ku Jeremani, Loweruka limawerengedwa ngati tsiku la ntchito; amene sali m'gululo ndi Lamulungu ndi masiku a tchuthi cha boma. Akafuna kusiya Loweruka amalemba "Mo–Fr", kutanthauza Lolemba mpaka Lachisanu. Ndiye pomasulira ndimatchula masikuwo ndi mayina awo, ndipo 18 h ndimanena kuti 6 koloko madzulo, poti si onse amene anazolowera kuwerenga maola mpaka 24.

Manambala ndiwo sindichita nawo zongoganizira. Dzuwa likawalira pa chikwangwani, 8 ndi 3 amafanana kwambiri pa chithunzi, ndipo zikatero ndimapempha kuti ajambulenso ataima cham'mbali pang'ono.