Musanayankhe STOP, yang'anani kaye amene watumiza meseji

Ine ntchito yanga ndi yokonza mafoni mtawuni muno mu Harare, ndipo dandaulo limene ndimamva kawirikawiri kwa abale athu a ku Mbare, Mufakose, Epworth ndi loti foni sikupuma, mameseji a malonda, a kubetcha mpira, a ngongole, ena akuti mwawina mphoto pomwe simunalowe mpikisano uliwonse. Ambiri anauzidwa kuti ingoyankhani STOP basi zitha. Zoona pang'ono, koma STOP ameneyu sagwira paliponse ayi, ndipo pena amakuonjezerani mavuto.

Yambani ndi kuyang'ana pamwamba pa mesejiyo pamene pamalembedwa wotumiza.

Ngati pali kanambala kakafupi ka manambala atatu, anayi kapena asanu, ndipo kumapeto kwa meseji alemba okha mawu oti mutumize kuti musiye kulandira, amenewo ndi malo ake a STOP. Lembani ndendende mmene alembera, ngati akuti `STOP` ndi liwu lina tumizani onse awiri, musaonjezere "chonde" kapena kukalipa chifukwa amene akuwerenga ndi kompyuta osati munthu. Kampani yolongosoka imakubwezerani meseji yotsimikiza, isungeni imeneyo. Komatu STOP amachotsa dzina lanu pa mndandanda umodzi wokhawo, osati onse, nchifukwa chake ena amati ndinatumiza koma zikubwerabe, pomwe zikubwerazo ndi za kwina.

Ngati pamwamba pali dzina chabe popanda nambala, meseji yotere siyankhika, mukalemba STOP sapita kulikonse. Apa anthu amathamangira kuloka wotumizayo, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse bwino. Tiyerekeze mayi wogulitsa tomato pa Mbare Musika, watopa ndi mameseji otsatsa ngongole ochokera ku banki yake, wauza mwana kuti aloke. Mwana wasindikiza `Block`, mameseji asiya, onse akondwa. Mawa lake kasitomala walipira pa foni koma meseji yoti ndalama yalowa sikubwera, madzulo mayi akufuna kutumiza ndalama kwa achimwene awo ku Dedza, kanambala kachinsinsi kotsimikizira sikakufika, ayamba kuganiza kuti layini yafa kapena abedwa. Chachitika n'choti bankiyo imatumiza malonda ndi mameseji ofunika pa dzina limodzi lomwelo, ndiye mukatseka chitseko chimenecho mwatsekera onse kunja. Chizindikiro chake n'choti mameseji a anthu ena akufika bwinobwino, a malo amodzi okhawo ndiye zii. Mu pulogalamu ya mameseji ya Google lowani pa `Spam & blocked`, muwapeza ali momwemo, sindikizani `Unblock`. Dzina la banki, la EcoCash kapena OneMoney musamaloke, m'malo mwake imbani kapena pitani ku shopu yawo mukawauze kuti akuchotseni pa zamalonda zokha. A Econet ndi 111, a NetOne ndi 123. Mukaimba funsaninso ngati pali zinthu zimene munalembetsedwa zodula eyataimu tsiku ndi tsiku, chifukwa kuloka kumangobisa meseji, kudulako kumapitirira.

Tsono mtundu wachitatu, meseji yochokera pa nambala wamba ya 077, 071 kapena yakunja, yoti mwawina kapena ndakutumizirani ndalama molakwika bwezani. Imeneyi musayankhe chilichonse, ngakhale STOP yemweyo, chifukwa mukayankha mwawauza kuti nambala ili moyo ndipo mwini wake amawerenga. Gwirani chala pa mesejiyo, sankhani `Block`, chongani `Report spam`. Pa kambudzi, kafoni ka mabatani kaja, funani `Blacklist` mu menyu ya mafoni, ambiri ali nayo.

Mafoni oimba nawo ndi chimodzimodzi, makamaka aja olira kamodzi n'kudula pa nambala yakunja yachilendo, cholinga n'choti muimbenso eyataimu ithe. Lokani nambala imeneyo, koma dziwani kuti akuba amasintha manambala ndiye muzilokabe. Pa iPhone pali `Silence Unknown Callers` imene imazimitsa kulira kwa nambala iliyonse yomwe mulibe m'foni, ine anthu athu sindiwalimbikitsa kwenikweni, chifukwa uthenga wa maliro wochokera kumudzi pa +265 kapena ku Joni pa +27 nthawi zambiri umabwera pa foni yobwereka.

Mukawauza akuchotseni koma iwo osasiya, jambulani mamesejiwo masiku ake akuoneka, pamodzi ndi ija yotsimikiza, mukadandaule ku POTRAZ, bungwe loyang'anira makampani a mafoni muno mu Zimbabwe. Pansi pa lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2021, iwowo ndi amene amayang'anira mmene makampani akugwiritsira ntchito manambala athu, ndipo dandaulo lokhala ndi umboni wa masiku limamveka kusiyana ndi la pakamwa.