Mpamba uwerengedwe pa masamba awiri

Munthu akabwera ku ofesi kwanga n'kunena kuti ali ndi mpamba wokwanira kutsegula malo ometera, ndimayamba ndam'funsa kuti lendi ya mwezi wachiwiri ichokera kuti. Ambiri amangoti kukamwa yasa. Amakhala atawerengera zogula zokha, osaganizako zoti bizinesi imadya mwezi ndi mwezi, kaya makasitomala abwere kaya asabwere.

Tengani kope, mutsegule masamba awiri. Tsamba loyamba ndi la zinthu zimene mulipira kamodzi basi. Tiyerekeze kuti mashini awiri ometera ndi K120,000, mipando ndi benchi K150,000, galasi K40,000, penti ndi chikwangwani K60,000, ndipo batire ndi inveta yodalira magetsi akazima ndi K230,000. Zonse pamodzi K600,000. Mitengo yeniyeni mukafunse nokha kumsika, chifukwa imasintha.

Tsamba lachiwiri ndi la zobwera mwezi uliwonse: lendi K50,000, mayunitsi a magetsi K20,000, spiriti, malezala ndi mafuta a mashini K30,000, mnyamata wokuthandizani K60,000. Pali chinanso chimene anthu amachita nacho manyazi kulemba, ndicho malipiro anu. Inu mumadya, ana amafuna ndiwo, ndipo mukapanda kulemba ndalamayo idzatulukabe m'kabati mwakachetechete. Ikanipo K90,000. Mwezi wathunthu ukukwana K250,000.

Tsamba lachiwirili ndilo limagwetsa anthu. Ngati mutu umodzi mukumeta K1,500 ndipo mukutsegula masiku 26 pamwezi, mufunika mitu pafupifupi 7 patsiku kuti K250,000 ikwane. Malo atsopano anthu sawakhulupirira msanga. Mwamuna sasiya wom'meta wake chifukwa chakuti waona chikwangwani chowala. Mukamameta mitu itatu patsiku, mwezi ukupatsani K117,000 yokha, ndipo yotsalayo iyenera kuchokera penapake. N'chifukwa chake ine ndimachulukitsa tsamba lachiwiri ndi miyezi itatu ngati kuti simupeza kanthu, yomwe ndi K750,000. Kuphatikiza ndi tsamba loyamba, mpamba wanu ndi K1,350,000, osati K600,000 ija. Ena amati ndimakhwimitsa. Mwina, koma ndalama yotsala sinavutepo munthu.

Zinthu zina zimasokoneza poika. Mwininyumba akafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi, imeneyo ndi ya tsamba lachiwiri ndithu, yangolipidwa msanga, choncho musaiwerengere kawiri. Chiphaso cha bizinesi cha kukhonsolo chimalipidwa pachaka: choyambacho chilembeni patsamba loyamba, kenako mugawe mtengo wake pa 12 n'kumasunga kachigawo mwezi uliwonse. Ngati mpamba mwakongola ku banki mkhonde, zobweza ndi chiwongoladzanja chake zilowe patsamba lachiwiri.

Ndalama ikapanda kukwana, dulani patsamba loyamba. Yambani ndi mpando umodzi, chikwangwani chilembedwe pakhoma, ndipo patsamba lachiwiri, mnyamata mudzam'lembe ntchito mitu ikayamba kupitirira 7 patsiku.